Kukopa ndi kusamutsa mafayilo: chimachitika n'chiyani ntchito ikadukira pakati

Pa kompyuta palibe chinthu chimene chimanyamulidwa. Mukamachotsa chimanga m'nkhokwe kupita nacho m'nyumba, dengu lililonse limene lafika uku ndiye kuti lachoka uko. Fayilo siyenda choncho. Kompyuta imadziwa kuwerenga, kulemba ndi kufufuta basi, ndipo chimene timachitcha kusamutsa ndi ntchito zomwezi zitasanjidwa motsatizana. Mukamvetsa kasanjidwe kake, mudziwa nokha kumene fayilo yanu ili magetsi akathima, chingwe chikagwedezeka, kapena mwana akasolola flashi ntchito isanathe.

Ndifotokoza za Windows chifukwa ndi imene ili m'maofesi ndi m'mashopu ambiri osindikizira, koma mfundo yake ndi yomweyo kwina konse.

Dziwani kaye chimene mwalamula

Kukopa n'kosavuta kukumvetsa. Mukasankha Copy (Ctrl+C) kenako Paste (Ctrl+V), kompyuta imawerenga fayilo yoyamba n'kulemba ina yatsopano kumene mwaloza. Yoyambayo siikhudzidwa ngakhale pang'ono, ngati mmene kope la mnzako limakhalira ukamakopera notsi: ukalekeza pakati, kope lako ndi limene lili loperewera, lake lili bwinobwino.

Kusamutsa, komwe ndi Cut (Ctrl+X) kenako Paste, kuli mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ngakhale pasikirini imaoneka chimodzimodzi.

Mtundu woyamba ndi wa m'diski imodzi, mwachitsanzo kuchotsa fayilo mu Downloads kupita nayo mu Documents, zonse zili pa C:. Diski iliyonse ili ndi kaundula wake amene amanena kuti fayilo yakutiyakuti ili m'foda yakuti, ndipo zam'kati mwake zili pamalo akuti. Mukasamutsa m'diski yomweyo, chimasintha ndi mzere wa m'kaundula wokha. Zam'kati mwa fayilo zimakhala pomwe zinali. N'chifukwa chake vidiyo ya 8 GB imasamuka m'kuphethira kwa diso, ndiponso siifuna malo ena owonjezera ngakhale diski itadzaza. Mpata woti ntchito yotere idukire pakati ndi wochepa zedi, ndipo pa diski ya NTFS, imene Windows imagwiritsa ntchito m'kati mwa kompyuta, pali kabuku kena kamene kamalemberatu zosintha za kaundula. Magetsi akabwera, fayilo imapezeka ku foda yakale kapena ku yatsopano, yathunthu.

Mtundu wachiwiri ndi wa pakati pa madiski awiri: kuchoka pa memori khadi kupita pa kompyuta, kuchoka pa kompyuta kupita pa flashi, ngakhalenso kuchoka pa C: kupita pa D: pamene zonsezi zili magawo a hadi diski imodzi. Apa kaundula ndi awiri, ndiye kusintha mzere sikungathandize. Kompyuta imakopa fayilo, ikaona kuti yatha imafufuta yoyamba ija, kenako imapita pa fayilo yotsatira. Kukopa, kufufuta, kukopa, kufufuta, mpaka foda itatha. Ndipo zimene zafufutidwa mwanjira iyi sizipita mu Recycle Bin.

Chinthu china chimene chimakola anthu ambiri ndi kukoka fayilo ndi mausi. Windows imasankha yokha: mukakokera m'diski yomweyo imasamutsa, mukakokera ku diski ina imakopa. Kugwira Ctrl mukukoka kumakakamiza kukopa, kugwira Shift kumakakamiza kusamutsa. Ngati simukufuna zoloweza, kokani ndi batani lakumanja la mausi. Mukasiya, pabwera kamndandanda kokufunsani Copy here kapena Move here. Musaopenso Cut payokha: fayilo imangozimirira pang'ono maonekedwe, koma palibe chimene chachitika mpaka mutadina Paste.

Zimene zinandichitikira ndi khadi la ukwati

Ndinali ndi khadi la kamera la 32 GB, muli mafayilo 643 a ukwati wa msuweni wanga: zithunzi 640 ndi mavidiyo 3, mayina ake kuyambira DSC_0001 mpaka DSC_0643. Khadilo linkafunikanso m'mawa mwake pa chinkhoswe, ndiye ndinati ndichite kamodzin'kamodzi, ndidule zonse ndikaike mu D:\Ukwati pa kompyuta ya padesiki yopanda batire. Kamzere kobiriwira katadutsa pang'ono theka, magetsi anathima. Palibe amene ndingamuloze chala, Ctrl+X ndinadina ndekha.

Atabwera magetsi ndinachita zimene ndikulangizeni pansipa. Pa khadi panali mafayilo 230. Mu D:\Ukwati munali 414. Kuphatikiza zikukwana 644, pamene onse anali 643. Fayilo imodzi yapaderayo ndi imene inali m'njira: DSC_0414.MP4, vidiyo ya 2.1 GB, inali mbali zonse ziwiri. Ya pa khadi inali yathunthu chifukwa nthawi yoifufuta inali isanakwane. Ya pa kompyuta inali chigoba.

Chodabwitsa n'chakuti chigobacho chinkaonetsa 2.1 GB yomweyo. Windows ikamayamba kukopa fayilo, kawirikawiri imayamba yapatula malo onse amene fayiloyo idzafune, kenako n'kumathiramo pang'onopang'ono. Choncho kukula kwa fayilo pakokha si umboni. Thumba likhoza kuima ngati ladzaza m'kati muli mankhusu. Chimene chinaiulula ndi deti la pa Date modified: mafayilo ena onse ankaonetsa tsiku la ukwati, iyi yokha inkaonetsa usiku umene ndinkasamutsawo, chifukwa deti lenileni limabwezeretsedwa kukopa kukatha.

Koma vuto lenileni silinali pa vidiyo. Linali pa DSC_0412.JPG ndi DSC_0413.JPG, zithunzi ziwiri zomaliza zimene kompyuta inkati yamaliza. Pa khadi zinali zitafufutidwa kale. Pa kompyuta chimodzi chinkatseguka kumtunda kokha, kumunsi kuli phulusa lokhalokha, china chinkakaniratu. Chifukwa chake ndi ichi: diski imachedwa kulemba kusiyana ndi memori ya kompyuta, ndiye Windows imasunga kaye zolembazo mu memoriyo, imene imatchedwa RAM, n'kumazitsitsira pa diski masekondi angapo pambuyo pake. Pulogalamu yokopa imauzidwa kuti zatheka, iyo n'kufufuta choyamba, pamene zenizeni zikadali mu RAM. Magetsi akathima pa kamphindi kameneko, RAM imaiwala zonse. Kabuku ka NTFS kaja kamateteza kaundula, osati zam'kati mwa fayilo, ndiye dzina limakhalapo koma chithunzi mulibe.

Apa ndi pamene pali kusiyana konse kwa kukopa ndi kusamutsa. Ndikanakopa, zithunzi ziwirizo zikanawonongekabe pa kompyuta, koma zikanakhala zili pa khadi.

Kudukira si kumodzi

Mukadina Cancel nokha, ntchito imatha mwaulemu. Windows imafufuta fayilo imene inali yosamalizika kumene inkapita, zimene zinatha zimakhala komweko, zotsala zimakhala kwawo. Ngati munali kusamutsa, foda yanu tsopano yagawika pawiri, koma palibe chasowa. Malo akatha pa diski zimakhalanso chimodzimodzi: pamabwera uthenga, ntchito imaima. Ngakhale uthenga wonena kuti fayilo ndi yaikulu kwambiri pamene flashi ili ndi malo ambiri si woopsa. Umangotanthauza kuti flashiyo ndi ya FAT32, mtundu wina wa kaundula wa diski umene sulandira fayilo imodzi ya 4 GB kapena kuposerapo.

Kuthima kwa magetsi, kufa kwa batire ndi kusolola flashi ndi nkhani ina, chifukwa kompyuta siipatsidwa mpata wosesa pambuyo pake. Maflashi ndi makhadi ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, ndipo awiriwa alibe kabuku koteteza kaundula. Akadukizidwa kaundula akulembedwa, chowonongeka chikhoza kukhala foda yonse, osati fayilo imodzi yokha: mayina amasanduka zilembo zosamveka, kapena Windows imakuuzani kuti diski ikufunika kufomata. Onani kuti pokopa kuchoka pa khadi, khadilo limangowerengedwa, pamene posamutsa limalembedwa nthawi iliyonse fayilo ikufufutidwa. Kusamutsa kumaika pachiswe mbali zonse ziwiri.

Kukopa nako kuli ndi msampha umodzi. Ngati kumene mukukopera kuli kale fayilo ya dzina lomwelo ndipo mwasankha Replace the file in the destination, yakaleyo musaiwerengerenso kuyambira nthawi imeneyo. Ntchito ikadukira, mukhoza kutsala ndi chigoba m'malo mwa fayilo yakale ija. Ngati yakaleyo inali yokhayo imene munasunga ya mwezi watha, isinthireni dzina kaye musanaike yatsopano.

Zochita ntchito ikadukira

Choyamba, musalembe kalikonse pa chipangizo chimene mafayilo ankachokera. Musajambulirenso pa khadilo, musalifomate, musabwezerepo mafayilo kuti "zibwerere mwakale". Fayilo ikafufutidwa, chimachoka ndi mzere wake wa m'kaundula, zam'kati zimakhalabe pomwepo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ngati khadi lili ndi kabatani kambali kolembedwa Lock, katsitseni musanalilowetse. Windows ikakufunsani zoti Scan and fix, kanani kaye. Pulogalamu yokonzayo imasintha kaundula, ndipo zidutswa zimene yasowa nazo kwawo imazitaya m'foda yobisika ya FOUND.000 zili ndi mayina ngati FILE0000.CHK. Kukonza kubwere mutatulutsa zanu.

Chachiwiri, werengani. Dinani foda ndi batani lakumanja, musankhe Properties, muone mzere wa Contains mbali zonse ziwiri. Ngati munali kukopa, mbali yoyamba ili ndi zonse ndipo mulibe nkhawa. Ngati munali kusamutsa, phatikizani manambala awiriwo monga ndinachitira ine. Akakwana ndendende, kapena kuposa ndi imodzi kapena zingapo, ndiye kuti mayina onse alipo. Akaperewera, pali zimene zasowa ndipo mudzafunika kuzifukula. Apa mafayilo a kamera amathandiza chifukwa mayina ake ndi manambala otsatizana. Kwa mafayilo wamba, khalani ndi chizolowezi cholemba nambala ya pa Contains musanayambe ntchito yaikulu.

Chachitatu, malizitsani ndi Copy, osati Cut. Sankhani zonse zotsala kumene zinkachokera, muzikopere kumene zinkapita. Windows ikapeza dzina lofanana idzakufunsani. Pano yankho lolondola ndi Replace, chifukwa fayilo imene ikadali kumene inkachokera ndiyo yathunthu. Ambiri amadina Skip poganiza kuti "imeneyo inafika kale", n'kutsala ndi chigoba, kenako n'kufufuta yabwinoyo ndi manja awo.

Chachinayi, tsegulani mafayilo omaliza kusamuka ngozi isanachitike, khumi kapena makumi awiri, limodzi ndi limodzi. Musadalire tizithunzi ting'onoting'ono ta m'foda, chifukwa kathunzi kameneko kamakhala chakumayambiriro kwa fayilo ya JPG ndipo kakhoza kuoneka bwino chithunzi chenicheni chili choduka. Mtundu uliwonse umawonongeka mwanjira yake. Chithunzi chimaoneka theka. Nyimbo ya MP3 imaimba kenako n'kungoti zii. Vidiyo ya MP4 yochokera m'kamera nthawi zambiri imakaniratu kutseguka, chifukwa mndandanda wa zam'kati mwake umakhala kumapeto kwa fayilo. ZIP nayo imasunga mndandanda wake kumapeto, ndipo mafayilo a docx ndi xlsx ndi ZIP yomweyo yovala dzina lina, n'chifukwa chake kalata yoduka Word imangoikana yonse.

Chachisanu, fukulani zowonongekazo kumene zinafufutidwa. Ine ndinagwiritsa ntchito PhotoRec, pulogalamu yaulere imene imabwera pamodzi ndi TestDisk. Siyang'ana kaundula, imasakasaka zizindikiro za mafayilo pa khadi lenilenilo. Muiuze kuti zimene yapeza iziike pa diski ina, osati pa khadi lomwelo. Idzakubweretserani zithunzi zambirimbiri, zina za chaka chatha, zonse zili ndi mayina achilendo oyamba ndi f ndi manambala, ndiye muzizindikira ndi maso. Zanga ziwiri zija ndinazipeza zili bwino. Koma ngati mafayilo ankachokera pa SSD, diski yamakono ya m'kati mwa laputopu, mwayi ndi wochepa, chifukwa SSD imauzidwa kuti malo ofufutidwawo ndi aulere ndipo imawayeretsa yokha posachedwa.

Njira yosamutsira popanda kudula

Kuyambira tsiku limenelo, pakati pa madiski awiri ndimasamutsa ndekha m'magawo atatu: kukopa, kutsimikiza, kufufuta. N'zomwe Cut imachita, kungoti gawo lapakati ndimaliikapo ine, ndipo kufufuta kumabwera ndikakhutira.

Pa mafayilo ochepa, Ctrl+C ndi Ctrl+V n'zokwanira. Pa foda yaikulu, kapena kumene magetsi sadalirika, tsegulani Command Prompt mugwiritse ntchito robocopy, imene imabwera kale mu Windows:

```
robocopy E:\DCIM D:\Ukwati /E /Z /R:2 /W:5
```

Apa E: ndi khadi, D: ndi kumene zikupita. Sinthani zilembozo malinga ndi zanu. /E ikutanthauza kuti atenge mafoda onse a m'kati. /Z imalola kuti fayilo yaikulu yodukira ipitirire pamene inalekezera. /R:2 /W:5 ndi kuyesanso kawiri kokha, kudikira masekondi 5. Mukazisiya ziwirizi, robocopy ikakumana ndi fayilo yovuta imayesa ka 1 miliyoni, kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse, ndipo mudzakalamba mukuyang'ana sikirini. Ubwino wake waukulu ndi wakuti magetsi akathima mumangolembanso lamulo lomweli. Mafayilo amene kukula ndi deti lake zikufanana mbali zonse imawadumpha, otsalawo imawakopa. Pamapeto imaonetsa tebulo, ndipo pansi pa FAILED payenera kukhala 0. Musaonjezere /MIR mongoona pena pake, chifukwa imafufuta chilichonse cha kumene mukukopera chimene kulibe kumene mukuchokera.

Potsimikiza, yambani ndi Properties: Contains ifanane, ndipo nambala yaitali ya mabayiti ya pa Size ifanane mpaka dijiti yomaliza. Ya pa Size on disk isiyeni, imasiyana ndithu pakati pa madiski popanda vuto lililonse. Popeza taona kuti kukula kumanama, mafayilo amene simungawapezenso kwina ayerekezeni m'kati mwake:

```
fc /b E:\DCIM\100MEDIA\DSC_0414.MP4 D:\Ukwati\100MEDIA\DSC_0414.MP4
```

Dzina la foda yapakatiyo limasiyana kamera ndi kamera, lembani la khadi lanu. Zikafanana idzalemba FC: no differences encountered. Zikasiyana idzayamba kutsanula mizere ya manambala, ndipo mungoidula ndi Ctrl+C chifukwa yankho mwalipeza kale. Ngati mafayilo awiriwo ali pa makompyuta osiyana, tengani chidindo cha iliyonse:

```
certutil -hashfile D:\Ukwati\100MEDIA\DSC_0414.MP4 SHA256
```

Idzatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Bayiti imodzi yokha ikasintha m'fayilo, mzere wonsewo umasinthiratu, ndiye kuyerekeza zilembo zingapo zoyamba ndi zomaliza n'kokwanira pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Ngati mukukopera pa flashi, chitani Eject, muisolole, muilowetsenso, ndiye muyerekeze. Mukayerekeza nthawi yomweyo, kompyuta ikhoza kukuwerengerani zimene zikadali mu RAM osati zimene zili pa flashi. Zimenezi zimagwiranso maflashi achinyengo aja olembedwa 64 GB pamene m'kati muli 8 GB: amalandira chilichonse osadandaula, mayina onse amaoneka, koma zopitirira malo enieniwo mukadzazitsegula mulibe kanthu. Munthu amene anadula mafayilo n'kuika pa flashi yotere wawataya osadziwa, magetsi osathima n'komwe.

Ena amati Eject inatha ntchito. N'zoona kuti kuyambira pa Windows 10 ya 1809, zipangizo za USB zimayamba zili pa Quick removal, kutanthauza kuti Windows siisunga zolemba zake mu RAM nthawi yaitali. Koma wina akhoza kuti anasintha kupita pa Better performance, ndiponso Eject ndi imene imakuuzani ngati pali pulogalamu ina imene ikulembabe. Masekondi awiri amenewo ine ndimawalipira. Pa makompyuta oyendera Linux m'malo mwa Windows ndiye osayerekeza n'komwe kusolola msanga, chifukwa kamzere kakhoza kufika kumapeto flashi ikulembedwabe kwa mphindi zingapo. Lamulo la `sync` limabwerera pokhapokha zonse zitatsikira pa diski. Komweko `mv`, pulogalamu yosamutsira mafayilo, imachita mosiyana pang'ono ndi Windows: mukaipatsa foda imodzi kuti ipite ku diski ina, imakopa foda yonse kaye, n'kufufuta yoyamba pamapeto. Ikadukira pakati pa kukopa, foda yoyamba imakhala yathunthu.

Foni yolumikiza ndi chingwe ndiye muisamale koposa. Imaoneka ngati diski koma ilibe chilembo ngati E:, kotero robocopy ndi fc siziiona. Kulumikizana kwake kumaduka ndi zinthu zazing'ono, chingwe chotha, pobowola polobodoka, wina kuikhudza pofuna kuona uthenga. Kopani zithunzi m'magulu, mwina 200 ulendo umodzi, muwerenge mbali zonse, mutsegule zingapo zomaliza za gulu lililonse, kenako mufufute pa foni penipeni ndi chala chanu. Khadi la kamera nalo lifomateni m'kamera momwemo, ndipo muchite zimenezo zithunzi zili kale pa madiski awiri osiyana, osati pa C: ndi D: za hadi diski imodzi.